Pulagini, tsamba la kampani yapakati kapena API ya netiweki: njira zitatu zolumikizira shopu ya pa intaneti ku malipiro

Achemwali ena amene amagulitsa zitenje ku Limbe anandiimbira foni Loweruka lina madzulo, mawu ali pamwamba. "Achimwene, kasitomala akuti walipira, wanditumizira mpaka chithunzi cha uthenga wa pa foni yake, koma shopu yanuyi ikuti sanalipire. Ndikhulupirire ndani?" Shopuyo ndinaimanga ndine, ndipo ndinali nditaiyesa kambirimbiri mu sandibokisi popanda vuto. Kasitomalayo sankanama. Ndalama zinalowadi, wolakwa ndinali ine, ndipo kulakwitsa kwa tsiku limenelo ndi kumene kumandiuza lero njira yoti ndisankhe wina akafuna kuti webusayiti yake izilandira Airtel Money, TNM Mpamba ndi makhadi a ku banki.

Sandibokisi ndi malo oyeserera amene kampani yolandira malipiro imakupatsani. Pa tsamba lawo mumawapeza pa dzina la `Sandbox` kapena `Test mode`. Zonse zimayenda ngati zenizeni, kupatula kuti ndalama sizichoka m'thumba la munthu. Mumapatsidwa makiyi oyeserera, ndi manambala a foni kapena a khadi abodza amene ena amavomera kulipira, ena amakana dala. Anthu ambiri amayesa nambala yovomera yokha, akaona chizindikiro chobiriwira n'kunena kuti ntchito yatha. Ineyo ndinatero.

Njira zolumikizira zilipo zitatu, ndipo poziyerekeza sindiyamba ndi mtengo wa komishoni. Ndimayamba ndi funso limodzi: ndalama zikalowa, shopu imadziwa bwanji, ndipo ndingayese bwanji zimene zingachitike uthengawo ukapanda kufika?

Njira yoyamba ndi pulagini. Ngati shopu yanu ili pa WordPress ndi WooCommerce, mumaika pulagini ya kampani yolandira malipiro, mumamata makiyi awiri m'mabokosi, mumayatsa batani la kuyeserera, basi. Mwachitsanzo PayChangu, kampani ya konkuno yomwe imalandira Airtel Money, Mpamba ndi makhadi, ili ndi pulagini yotere. Munthu wosadziwa kulemba khodi akhoza kumaliza masana amodzi, ndipo kwa shopu yaing'ono yogulitsa katundu wamba sindiona chifukwa chovutikira kupitirira apa. Kuipa kwake n'koti zikasokonekera mumakhala ngati woyendetsa minibasi amene sanatsegulepo boneti. Pulagini ina yachitetezo ikhoza kutsekereza mauthenga ochokera ku kampani ya malipiro poganiza kuti ndi akuba, kapena WooCommerce ikasintha mtundu pulagini yanu n'kutsalira. Chizindikiro chake chimakhala chimodzimodzi: maoda akuunjikana pa `Pending payment` pomwe ndalama zikuoneka mu akaunti ya ku kampaniyo. Choncho ngakhale ndi pulagini, muyese zimene ndifotokoze kutsogoloku, ndipo muyesenso nthawi iliyonse mukasintha pulagini iliyonse pa webusayitiyo.

Njira yachiwiri ndi yolemba nokha khodi yolankhula ndi API ya kampani yapakati, koma kulipira kwenikweni n'kumachitikira pa tsamba lawo. API ndi khomo limene mapulogalamu amalankhulirana, ndipo kampani yapakati ndi imene imakulandirirani malipiro ochokera ku manetiweki ndi mabanki. Seva yanu imauza kampaniyo kuti pali oda ya ndalama zakuti, nambala yake yakuti. Kampaniyo imabweza linki, inu mumatumiza kasitomala ku linkiyo, iye amasankha yekha ngati alipire ndi Mpamba, Airtel Money kapena khadi, akamaliza amabwezedwa ku shopu yanu. Mgwirizano ndi umodzi, makiyi ndi amodzi, lipoti la ndalama ndi limodzi. Chinanso chachikulu n'choti manambala a makhadi sadutsa pa seva yanu. Amene amasunga kapena kudutsitsa manambala a makhadi amagwidwa ndi malamulo okhwima a PCI DSS, ndipo shopu ya zitenje ilibe chifukwa chodzisenzetsera mtolo umenewo. Mtengo wake ndi komishoni pa malipiro aliwonse, komanso kudikira kuti ndalama zichoke kwa iwo zifike ku banki yanu. Musanasaine, funsani masiku amene ndalama zimatenga kuti zikufikeni, ndipo funsani ngati ali ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi, chifukwa ndi banki imeneyi imene imayang'anira makampani oyendetsa malipiro m'dziko muno.

Njira yachitatu ndi kupita mwachindunji ku netiweki. Airtel ili ndi tsamba la opanga mapulogalamu pomwe mumalembetsa pulogalamu yanu n'kupatsidwa `client_id` ndi `client_secret` zoyeserera. Seva yanu imatenga kaye chiphaso cha kanthawi kochepa, kenako imatumiza pempho lokhala ndi nambala ya kasitomala ndi ndalama, pamodzi ndi mitu iwiri, `X-Country: MW` ndi `X-Currency: MWK`. Pa foni ya kasitomala pamatuluka kabokosi kofunsa pini, osachoka pa shopu yanu. N'zokoma kuziona. Koma kumbukirani kuti mwalumikiza netiweki imodzi yokha. Kasitomala wa 088 mwamusiya panja mpaka mutakambirana padera ndi TNM n'kulembanso khodi ina ya Mpamba, ndipo wa khadi la Visa akudikirabe mgwirizano wachitatu kudzera ku banki. Mapepala a bizinesi mupereka katatu, malipoti muwerenga atatu, ndipo aliyense ali ndi mawu ake otchulira kuti zatheka kapena zakanika. Njira imeneyi ndimaiona yoyenera kwa amene akulandira malipiro ochuluka kwambiri, moti kachidutswa ka komishoni kopulumutsidwa kangalipire munthu woyang'anira khodiyo mwezi ndi mwezi. Kwa achemwali a ku Limbe aja ayi.

Mwina mukufunsa za Stripe, poti maphunziro ambiri a pa intaneti amagwiritsa ntchito imeneyo. Malawi sali pa mndandanda wa mayiko amene bizinesi ingatsegule akaunti ya Stripe. Kuphunzirira n'kwabwino, chifukwa makiyi ake amadzionetsa okha, `sk_test_` oyeserera ndi `sk_live_` enieni, ndipo khadi loyeserera la `4242 4242 4242 4242` limadziwika paliponse. Koma musathe milungu mukumanga shopu pa chinthu chimene tsiku lotsegula simudzatha kulandira nacho ndalama ndi mapepala a bizinesi ya ku Blantyre.

Achemwali aja ndinawamangira njira yachiwiri, ndiye tiyeni tione oda imene inativuta. Kasitomala wa ku Chirimba anagula zitenje zitatu pa K15,000 chimodzi, kuwonjezera K3,500 yomubweretsera, zonse K48,500. Oda inali nambala 1042. Seva yanga inatumiza pempho looneka chonchi, ngakhale mayina a magawo amasiyana kampani ndi kampani:

```json
{
  "amount": 48500,
  "currency": "MWK",
  "tx_ref": "BT-1042-1",
  "callback_url": "https://shopu.example/malipiro/bwerera"
}
```

Kasitomala anapita ku tsamba lolipirira, anasankha kulipira pa foni, kabokosi ka pini kanatuluka pa foni yomweyo imene ankagulirapo. Analemba pini, uthenga wotsimikiza unabwera, iye n'kutseka zonse n'kuika foni m'chikwama. Kwa iye nkhani inali itatha. Koma khodi yanga inkasintha oda kukhala yolipiridwa pokhapokha kasitomala akabwezedwa ku tsamba la shopu. Iye sanabwerere, ndiye shopu sinamve kalikonse. Mu sandibokisi vutoli silikanaoneka, chifukwa ine ndinkayesa nditakhala pa kompyuta, intaneti ili bwino, ndikudikira moleza mtima mpaka tsamba litabwerera. Kasitomala weniweni bando imamuthera pakati, minibasi imalowa pamalo opanda netiweki, mwana amalanda foni.

Pali njira zitatu zimene shopu ingamvere kuti ndalama zalowa, ndipo pano m'pamene pagona nkhani. Yoyamba ndi imeneyi ya kubwerera kwa kasitomala. Ndi yabwino pomuonetsa tsamba lomuthokoza, koma si umboni. Kuwonjezera pa kusabwerera, munthu wochenjera akhoza kulemba yekha adiresi ya tsamba lobwereralo n'kuikapo `status=success` osalipira ngakhale tambala. Ngati shopu yanu imakhulupirira mawu amenewo, zitenje zapita.

Yachiwiri ndi webuhuku. Apa seva ya kampani ya malipiro imagogoda yokha pa seva yanu, osadutsa pa foni ya kasitomala, n'kunena kuti malipiro a `BT-1042-1` atheka. Adiresi yogogodapo mumailemba pa tsamba lawo m'bokosi la `Webhook URL`, ndipo iyenera kukhala ya HTTPS yofikirika pa intaneti. Poti khomo limenelo ndi lotseguka, aliyense akhoza kugogodapo, n'chifukwa chake makampani ambiri amasainira uthengawo ndi chinsinsi chimene mukuchidziwa awiri nokha. Inu mumawerengera siginecha yanu kuchokera ku uthenga umene wafika n'kuiyerekeza ndi imene yabwera. Ngati kampani yanu imagwiritsa ntchito HMAC ndi SHA-256, mu PHP zimakhala chonchi:

```php
$thupi = file_get_contents('php://input');
$yanga = hash_hmac('sha256', $thupi, $chinsinsi);
if (!hash_equals($yanga, $yobwera)) {
    http_response_code(401);
    exit;
}
```

Msampha wa apa ndi waung'ono koma umadya tsiku lathunthu. Siginecha imawerengedwa pa uthenga monga wafikira, chilembo ndi chilembo. Mukayamba mwaumasula kukhala JSON n'kuumanganso, kampata kamodzi kakasintha siginecha sigwirizananso, ndipo mudzakana mauthenga onse oona.

Yachitatu ndi kufunsa nokha. Seva yanu, ndi kiyi yanu yachinsinsi, imafunsa kampaniyo kuti kodi `BT-1042-1` ili pati. Yankho limeneli ndi limene ndimalikhulupirira. Lero ndimachita chonchi: kasitomala akabwerera, ndimafunsa. Webuhuku ikafika, ndimaona siginecha, kenako ndimafunsabe. Ndipo pali kantchito kamene kamadzuka mphindi zisanu zilizonse n'kufunsa za maoda onse amene akudikirabe. Kantchito komalizaka ndi kamene kakanapulumutsa oda 1042, ndiponso ndi kamene kamatola maoda amene webuhuku yawo inabwera seva ili chigonere chifukwa magetsi azima kapena kampani yosunga webusayiti ikukonza zinthu.

Yankho likabwera, musangoyang'ana mawu oti zatheka. Yerekezani zinthu zitatu ndi zimene zili m'buku lanu la maoda: nambala ya oda, mtundu wa ndalama, ndi kuchuluka kwake. Mtengo uzichokera pa seva yanu, osati pa fomu imene kasitomala angaisinthe. Pa kuchuluka kwa ndalama pali mbuna ziwiri zimene sandibokisi imathandiza kuziona msanga. Makampani ena amawerenga ndalama m'matambala. Stripe imatero, moti K48,500 imalembedwa `4850000`, ndipo mukatumiza `48500` imawerengedwa ngati K485 yokha. Ena amawerenga m'makwacha. Tumizani oda imodzi yoyeserera, muone ndi maso nambala imene yatuluka pa tsamba lolipirira. Mbuna yachiwiri ndi komishoni. Tiyerekeze kuti ndi 3 pa 100 aliwonse: pa K48,500 adula K1,455, kutsala K47,045. Yankho la kampani likhoza kukhala ndi manambala onse awiri, ndipo mukayerekeza oda yanu ndi yotsalayo khodi yanu idzakana malipiro aliwonse ponena kuti ndalama zaperewera.

Tsopano kuyesa kwenikweni. Seva yoyeserera nthawi zambiri imakhala pa laputopu yanu, ndipo kampani ya malipiro singaione. Kapulogalamu ka ngrok kamaboola njira:

```
ngrok http 8000
```

Kamakupatsani adiresi ya HTTPS imene mumaimata m'bokosi la webuhuku la sandibokisi, ndipo pa `http://127.0.0.1:4040` mumaona uthenga uliwonse umene wafika, ndi batani loutumizanso. Batani limenelo ndi limene ndimalikonda koposa, chifukwa limayesa vuto lachiwiri limene linatigwera patapita milungu ingapo. Makampani ambiri akagogoda osalandira yankho la `200` msanga amagogodanso. Khodi yanga inkatumiza kaye imelo kwa kasitomala isanayankhe, imeloyo inachedwa, kampani inatumizanso uthenga womwewo, ndipo shopu inachotsa zitenje zisanu ndi chimodzi m'sitoko m'malo mwa zitatu. Achemwali anaona kuti mtundu wina walembedwa kuti watha pomwe pa shelefu ulipo. Mankhwala ake ndi kulola kuti oda isinthe kamodzi kokha:

```sql
UPDATE maoda SET status = 'paid'
WHERE tx_ref = 'BT-1042-1' AND status = 'pending';
```

Mzere umodzi ukasintha, pitirizani kuchotsa katundu ndi kutumiza lisiti. Pakapanda kusintha mzere uliwonse ndipo oda ili kale pa `paid`, ndiye kuti ntchitoyi inachitika kale, ingoyankhani `200` n'kusiya. Imelo itumizidwe pambuyo poyankha. Poyesa, dinani batani lotumizanso lija katatu, kenako muwerenge sitoko.

Madzulo amodzi amakwana kuyesa zotsalazo. Lipirani ndi nambala yovomera, koma mutseke tsamba lisanabwerere, muone ngati oda isintha yokha. Mukafika pa tsamba lolipirira, zimitsani seva yanu, mulipire, muiyatse patapita mphindi khumi, muone ngati kantchito kofunsa kaitola. Gwiritsani ntchito nambala yokana, kenako muyesenso kulipira oda yomweyo. Apa m'pamene nambala 1 ya kumapeto kwa `BT-1042-1` imagwira ntchito: makampani ambiri salola nambala imodzi kawiri, ndiye kuyesa kwachiwiri kukhale `BT-1042-2`, koma zonse ziloze ku oda 1042. Tumizani nokha uthenga wabodza wopanda siginecha ku khomo la webuhuku, uyenera kukanidwa. Ndipo lembani nambala ya foni m'njira zonse zimene anthu a kuno amalembera, kuyamba ndi 0, ndi 265, ndi +265, ndi mipata pakati. Tsamba la kampani yapakati limadzikonzera lokha zimenezi, koma m'njira yachitatu ntchitoyi ndi yanu, poti API ya netiweki imafuna nambala m'maonekedwe amodzi okha.

Pa mayeso amenewa m'pamene njira zitatu zija zimasiyana kwenikweni. Ndi pulagini mukhoza kuyesa kutseka tsamba ndi kukanidwa, koma mukapeza vuto simungalikonze nokha, mudikira eni ake. Ndi tsamba la kampani yapakati mayeso onse ali m'manja mwanu, ndipo khodi yotsimikizira mumailemba kamodzi. Ndi API ya netiweki mumakumana ndi chinthu china chimene anthu sachiyembekezera: yankho loyamba limangotanthauza kuti pempho lalandiridwa, osati kuti munthu walipira. Ku Airtel, mukafunsa za malipiro mumauzidwa `TS` ngati zatheka, `TF` ngati zakanika, `TIP` ngati zikadali m'njira, ndi `TA` ngati sizikudziwika bwino. Ziwiri zomalizazi si kukana. Mukazitenga ngati kukana n'kumuuza kasitomala kuti ayesenso, akhoza kulipira kawiri, ndipo kubweza ndalama kumatenga nthawi yaitali kuposa kuzilandira. Muonetseni tsamba loti adikire, inu muzifunsabe.

Sandibokisi ili ndi malire ake. Nambala yoyeserera imayankha nthawi yomweyo, pomwe munthu weniweni amayamba wafufuza magalasi, kapena foni ya Mpamba ili ndi amuna awo ku Ndirande. Khadi loyeserera silidikira nambala yachinsinsi yochokera ku banki yeniyeni, imene nthawi zina imachedwa kapena imapita ku nambala imene mwini khadi anasiya kale. Ndiponso sandibokisi sikuonetsani ndalama zikufika ku banki yanu. Choncho musafulumire kuthetsa oda imene sinalipiridwe. Ine ndimasunga katundu mphindi makumi atatu, ndipo malipiro akafika oda itathetsedwa kale, shopu siingotaya uthengawo, imauika pa mndandanda woti achemwali auone ndi maso.

Tsiku losamukira ku makiyi enieni lili ndi misampha yake. Sikuti mumangosintha kiyi imodzi. Chinsinsi cha webuhuku nthawi zambiri chimakhala china, adiresi ya ngrok ija iyenera kuchoka m'bokosi, ndipo ku makampani ena adiresi ya API yeniyeni ndi yosiyana ndi yoyeserera. Mukasintha kiyi n'kuiwala chinsinsi, ndalama zidzalowa koma webuhuku iliyonse idzakanidwa ndi `401`, ndipo mudzaziona m'malogi a seva. Choopsa kwambiri ndi kusiya kiyi yoyeserera pa shopu yotsegulidwa: manambala oyeserera ali poyera m'malangizo a kampani, ndiye aliyense akhoza kugula nawo katundu weniweni. N'chifukwa chake khodi yanga imakana kudzuka ngati seva ili yeniyeni koma kiyi ili yoyeserera. Makiyi achinsinsi azikhala mu fayilo ya `.env` pa seva, osati mu JavaScript ya pa tsamba, osati mu Git, komanso osati pa WhatsApp, ngakhale kuti kuno ndi kumene timatumizirana chilichonse.

Titakonza zonsezi, ndinapita ku Limbe Lolemba m'mawa shopu isanadzaze. Tinaika pa webusayiti kanthu kobisika ka K500. Achemwali analipira ndi Airtel Money pa foni yawo, ine ndi Mpamba pa yanga, kenako ndi khadi. Ulendo wachinayi ndinawapempha kuti akangolemba pini azimitse deta. Anandiyang'ana mokayikira. "Achimwene, mukufuna ndiluzenso?" Anazimitsa, tinakhala tikuyang'ana pa laputopu, ndipo pasanathe mphindi oda inasintha yokha kukhala yolipiridwa. Iwo sanakhutire ndi zimenezo. Anatenga kope lawo la ngongole, analemba manambala anayi a maoda ndi K2,000 pansi pake, n'kunena kuti linki aitumiza kwa makasitomala pokhapokha ndalamayo, kuchotsa komishoni, akaiona pa sitetimenti ya ku banki.